Galimoto ya mpingo ilowe m'bajeti ya chaka, kapena ikhale ndi bajeti yakeyake?

Funso: Ndine msungichuma wa mpingo wina ku Zomba. Pa chaka timatolera ndalama pafupifupi K60 miliyoni ndipo timagwiritsa ntchito K54 miliyoni. Tikufuna kugula pikapu yogwirako kale ntchito ya K32 miliyoni. Tili ndi K9 miliyoni yomwe tinasunga, ndipo akhristu alonjeza K20 miliyoni. Akuluampingo ena akuti galimotoyi tingoilemba m'bajeti ya chaka chamawa, poti ndalama zonse ndi za mpingo womwewu, ndipo tikaphatikiza zonse zikuoneka kuti zikwana. Ena akuti ikhale payokha. Nanga tikatha kugula galimotoyi tikufunanso kumanga holo. Ndiwauze chiyani?

Yankho: A Msungichuma, ikhale payokha, ndipo mukapite ku komiti ndi mapepala awiri. Limodzi likhale la bajeti yoyendetsera mpingo, lina la bajeti ya chitukuko. Akuluampingo amene akuti ndalama zonse ndi za mpingo sakunama ayi. Koma ndalamazo sizibwera mofanana. Chopereka cha Lamulungu ndi chakhumi zimabwera chaka chino, chaka chamawa ndi chaka chinacho. Ndalama ya Pepa Sande ya galimoto imabwera kamodzi basi. Chimodzimodzinso zolipira: bilu ya ESCOM imabwera mwezi ndi mwezi, pomwe galimoto mumagula kamodzi pa zaka zingapo. Bajeti yoyendetsera mpingo imakuuzani ngati ndalama zobwera nthawi zonse zikukwanira zolipira za nthawi zonse. Bajeti ya chitukuko imakuuzani kuti chinthu chachikulu chimodzi chidya zingati mpaka chitayamba kugwira ntchito, ndiponso kuti ndalamayo ichokera kuti. Mukazisakaniza, pepala lanu siliyankha bwino funso lililonse mwa awiriwa. Ngakhale boma limachita chomwechi: m'bajeti yake, imene tsopano imayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, malipiro ndi zoyendetsera maunduna zimalembedwa padera, ndipo misewu, milatho ndi nyumba za sukulu zimalembedwa kumbali ya chitukuko.

Tiyeni tigwiritse ntchito manambala anu omwewo. Pomwe simunandipatse nambala ndiyikapo yongoyerekeza, ndipo inu mukaikepo yeniyeni mukatenga makotesheni.

Pepala losakaniza lija likuoneka chonchi. Zolowa ndi K60 miliyoni, kuwonjezera K9 miliyoni yosunga ndi K20 miliyoni ya malonjezo, zonse pamodzi K89 miliyoni. Zotuluka ndi K54 miliyoni kuwonjezera K32 miliyoni ya galimoto, zonse K86 miliyoni. Patsala K3 miliyoni, ndipo aliyense m'komiti akumwetulira. N'chifukwa chake ena akuti zikwana.

Tsopano tengani pepala loyera, mulembe pamwamba kuti "Bajeti ya chitukuko: galimoto". Pepalali lili ndi mbali ziwiri zokha, ya mtengo ndi ya kochokera ndalama.

Kumbali ya mtengo musalembe K32 miliyoni yokha. Lembani chilichonse chomwe mulipire kufikira tsiku lomwe galimotoyo idzanyamule abusa ulendo woyamba ili ndi mapepala a mpingo. Pali kusintha dzina pa bulu buku ku ofesi yoona za pamsewu, satifiketi ya COF, ndi ulendo wokaiona pamodzi ndi makaniko wanuwanu, osati wa wogulitsa. Zimenezi tiyerekeze K500,000. Galimoto yogwirako kale ntchito kawirikawiri imafika ikufuna matayala, batire, mabuleki ndi sevisi yaikulu yoyamba, ndipo apa ndikuyikapo K2.5 miliyoni. Tafika pa K35 miliyoni. Ikadakhala yoitanitsa kunja, mukadawonjezera mtengo wa sitima, msonkho wa MRA, malipiro a wokutulutsirani katundu pa chipata, ndi woyendetsa kuchokera ku Dar es Salaam. Pamwamba pa zonsezi ikani 10 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi, yomwe ndi K3.5 miliyoni. Mtengo weniweni wa ntchitoyi ndi K38.5 miliyoni.

Kumbali ya kochokera ndalama ndi komwe msungichuma amafunika kulimba mtima. K9 miliyoni yosunga ili ku banki, imeneyo lembani yonse. Koma lonjezo si ndalama. Tsegulani mabuku a chitukuko chomwe munachita komaliza, muone kuti pa K100 iliyonse yomwe anthu analonjeza, inalowa ndi ingati pofika tsiku lomwe munagwirizana. Ngati inalowa K70, ndiye pa K20 miliyoni ija lembani K14 miliyoni. Kutero sikunyoza akhristu. Wina analonjeza akuyembekezera fodya kapena soya, mitengo n'kudzagwa. Wina anasamutsidwa pa ntchito. Chomaliza ndi chotsala cha m'bajeti yoyendetsera mpingo, K6 miliyoni yomwe imatsala mukachotsa K54 miliyoni pa K60 miliyoni. Musaitenge yonse. Siyani K2 miliyoni yodzatsekera miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pomwe anthu amakhala atagula feteleza ndi kulipira fizi ndipo mbale ya chopereka imapepuka. Samutsani K4 miliyoni. Mukaphatikiza 9, 14 ndi 4 mupeza K27 miliyoni.

Ndiye mtengo ndi K38.5 miliyoni, ndalama zodalirika ndi K27 miliyoni, ndipo pakuperewera K11.5 miliyoni. Mpingo ndi womwewo, galimoto ndi yomweyo, koma pepala loyamba linati mutsala ndi K3 miliyoni. Kusiyanaku kwachokera pa zinthu zitatu: K6.5 miliyoni ya zolipira zomwe zinabisala kuseri kwa mtengo wa wogulitsa, K6 miliyoni ya malonjezo omwe mwina sadzalowa, ndi K2 miliyoni yomwe tasiyira miyezi yanjala. M'bajeti yosakaniza, kuperewera kumeneku sikuonekera pa tsiku logula. Kumadzaonekera miyezi itatu kapena inayi pambuyo pake, pamene mlonda sanalandire, gawo lopita ku likulu silinatumizidwe, ndipo a madzi abwera kudzadula. Pa nthawiyo palibe amene amaloza galimoto. Amaloza inu.

Komabe mbali yomwe imandidetsa nkhawa kwambiri si yogula. Mipingo, masukulu ndi magulu ambiri amatha kusonkha ndalama yogulira, chifukwa galimoto ndi chinthu chooneka ndipo anthu amapereka mokondwa. Vuto limayamba tsiku lotsatira. Kupatula mabajeti awiriwa sikutanthauza kuti sakhudzana. Chilichonse chomwe mwagula m'bajeti ya chitukuko chimabala zolipira zatsopano m'bajeti yoyendetsera mpingo, chaka ndi chaka, mpaka mutachigulitsa. Choncho komiti isanavomereze pepala la chitukuko, ionetseni pepala la chaka chamawa litalembedwa ngati kuti galimotoyo yafika kale.

Yambani ndi mafuta, ndipo musangoponyapo nambala. Werengani maulendo. Tiyerekeze kuti pakati pa maulendo a abusa ku nthambi, maliro, misonkhano ndi kunyamula katundu, galimoto iziyenda makilomita 1,500 pa mwezi, omwe ndi 18,000 pa chaka. Pikapu ya dizilo yomwe imayenda makilomita 10 pa lita imwa malita 1,800. Kuti masamu aphweke nditenga K5,000 pa lita, inu mukaikepo mtengo womwe MERA yalengeza pa nthawiyo. Mafuta okha ndi K9 miliyoni. Sevisi pa makilomita 5,000 aliwonse ndiye kuti pafupifupi kanayi pa chaka, ndipo pa K300,000 ulendo uliwonse ndi K1.2 miliyoni. Inshuwalansi yokhudza anthu ena ndi yokakamiza mwa lamulo, koma pa galimoto yomwe akhristu aikhetsera thukuta ndikulangizani yonse yathunthu, yomwe imalipiranso galimoto yanuyo ikachita ngozi kapena ikabedwa. Tiyerekeze K1.6 miliyoni. Matayala ndi zowonongeka zina K1.5 miliyoni, COF ndi timapepala tina K200,000. Zonse pamodzi K13.5 miliyoni pa chaka, ndipo apa sitinalembe dalaivala.

N'zoona kuti pali zomwe mupulumutse. Ngati panopa mumawononga K6 miliyoni pa hayala ndi thiransipoti, mwina itsika kufika pa K1.5 miliyoni, poti tsiku lina galimoto idzakhala ku galaja kapena maulendo adzawombana. Mwapulumutsa K4.5 miliyoni. Ndiye zolipira za pachaka zakwera ndi K9 miliyoni, kuchoka pa K54 miliyoni kufika pa K63 miliyoni, pomwe zolowa zikadali K60 miliyoni. Mpingo womwe unkatsala ndi K6 miliyoni tsopano ukuperewera K3 miliyoni chaka chilichonse. Ngakhale munthu wina atakupatsani galimotoyo ulele, masamu awa sasintha. Ndimakonda kuuza makomiti zimenezi chifukwa mphatso ya galimoto imalandiridwa ndi nthungululu, popanda wofunsa kuti mafuta achokera m'thumba liti.

Pali mzere wina umene ambiri amaudumpha chifukwa palibe amene amabwera kudzaulipiritsa. Galimoto imatha. Ngati mwailowetsa pa K35 miliyoni, ndipo mukuganiza kuti pakatha zaka 5 mungadzaigulitse K10 miliyoni pa mitengo ya lero, ndiye kuti ikutha ndi K5 miliyoni chaka chilichonse. Akauntanti adzalemba kutha kumeneku m'mabuku a kumapeto kwa chaka, koma kulemba kokha sikuika ndalama ku banki. Inu chitani zenizeni: ikani mzere m'bajeti yoyendetsera mpingo wakuti "kusungira galimoto ina", ndipo mwezi uliwonse muzisamutsa ndalamayo kupita ku akaunti ya chitukuko. Mlimi amapatula chimanga cha mbewu asanayambe kudya cha m'nkhokwe, ndipo mzere umenewu ndi mbewuyo. Mukauwerengera, kuperewera kwa pachaka kukufika pa K8 miliyoni. Mpingo ukhoza kusankha kusasunga, n'kunena kuti ikadzatha tidzasonkhanso. Ndi ufulu wake, bola asankhe akudziwa, ndipo zilembedwe m'maminitsi.

Wina m'komiti adzati, "K11.5 miliyoni yoperewerayo tikabwereke." Ngongole imalembedwa kumbali ya kochokera ndalama m'bajeti ya chitukuko, ndipo pepalalo limaoneka kuti lakwana. Koma kubweza kwake kumachokera m'chopereka cha sabata ndi sabata. Tiyerekeze chiwongoladzanja cha 30 peresenti pa chaka, kubweza kwa miyezi 24. Muzipereka pafupifupi K643,000 pa mwezi, kapena kuti K7.7 miliyoni pa chaka, ndipo pomaliza mudzakhala mutabweza K15.4 miliyoni. Bajeti yomwe ikuperewera kale siingasenze zimenezi. Lamulo lomwe ndimatsata n'lakuti ngongole ya chitukuko ivomerezedwe pokhapokha chotsala cha m'bajeti yoyendetsera, mutawerengera kale mafuta ndi inshuwalansi, chikukwanira kubweza ngongoleyo n'kutsalako. Ndipo kubwereka kuti mulipire malipiro kapena magetsi ndi chizindikiro chakuti bajeti yoyendetsera yadwala kale.

Pa manambala amenewa, ine sindingavomereze kugula pikapu ya K32 miliyoni chaka chamawa. Sindikunena kuti mpingo usakhale ndi galimoto. Mungatalikitse nthawi yosonkha kukhala zaka ziwiri, uku mukukweza zolowa za nthawi zonse. Mungayang'ane galimoto yaing'ono yosamwa mafuta kwambiri, kapena njinga yamoto ya maulendo a ku nthambi, hayala n'kutsalira maliro ndi katundu. Mungagwirizanenso kuti gulu lililonse lobwereka galimoto, kaya ndi kwaya, amvano kapena achinyamata, lizilipira pa kilomita, ndipo mtengowo uphatikize sevisi ndi matayala, osati kungothira mafuta. Pa zolipira za K13.5 miliyoni ndi makilomita 18,000, kilomita imodzi ikudya K750, pomwe mafuta okha ndi K500. Amene wangothira mafuta wasiyira mpingo K250 pa kilomita iliyonse.

Mukasankha kudikira, dziwani kuti ndalama yosunga imachepa mphamvu. Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya galimoto ndi zitsulo zake imatsatira dola. Choncho bajeti ya chitukuko siilembedwa kamodzi n'kuikidwa m'kabati. Miyezi itatu iliyonse funsaninso mtengo, musinthe nambala, muuze mpingo. Ndalama yomwe simuigwiritsa ntchito posachedwa ikhale pa akaunti yotsekera ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi kuti ibaleko kenakake. Chiwongoladzanjacho chikhale m'thumba la chitukuko lomwelo, chisapite kukagula zakumwa za msonkhano.

Tsopano za kayendetsedwe kake. Mapepala awiri opanda maakaunti awiri sapita patali. Tsegulani akaunti ya chitukuko yapadera, yosainira anthu awiri mwa atatu, ndipo mmodzi akhale wa komiti ya chitukuko. Ndalama ya Pepa Sande ya galimoto ikhale ndi buku lake la malisiti, ndipo izipita ku banki yonse isanakhudzidwe. Tsiku lidzafika, mosakayika, pamene malipiro aperewera ndipo wina adzati, "Tangobwerekani ku chitukuko, tibweza chopereka chikalowa." Musakane mwaukali, komanso musapereke mwakachetechete. Komiti ikhale pansi, ilembe kuti yabwereka zingati ndipo ibweza liti, ndipo ngongoleyo izioneka pa lipoti la mwezi uliwonse mpaka itabwezedwa. Mukaona kuti mwabwereka miyezi itatu yotsatizana, vuto si kuchedwa kwa chopereka. Zolipira za nthawi zonse zaposa zolowa, ndipo thumba la galimoto likungobisa zimenezo. Kumbukiraninso kuti munthu amene anapereka atauzidwa kuti ndi ya galimoto anapereka pa cholinga chimenecho. Kuisintha ntchito osafunsa mpingo ndi komwe kumachititsa kuti chitukuko chotsatira anthu abweze manja m'thumba. Funsaninso malamulo a mpingo wanu ngati gawo lopita ku likulu limadulidwa pa zopereka zapadera, chifukwa ngati limadulidwa, K14 miliyoni ija ichepanso.

Mudzakumana ndi zinthu zokayikitsa kuti zipite pepala liti. Komiti igwirizane malire kamodzi: chinthu chogwira ntchito kupitirira chaka chimodzi, cha mtengo woposa, mwachitsanzo, K500,000, ndi cha chitukuko ndipo chilembedwe m'kaundula wa katundu wa mpingo. Zina zonse ndi zoyendetsera. Pa zokonza, dzifunseni ngati ntchitoyo ikungobwezeretsa chinthu momwe chinalili, kapena ikuchikulitsa kapena kuchiwonjezera zaka. Sevisi, matayala ndi mabuleki pa zaka zotsatira ndi zoyendetsera. Kuika injini ina ndi chitukuko. Kupenta tchalitchi ndi kusintha malata atatu odontha ndi zoyendetsera. Kuchotsa denga lonse n'kuika latsopano ndi chitukuko. Inshuwalansi, ngakhale ya chaka choyamba, ipite ku zoyendetsera, kuti mzere wake uzioneka kuyambira pachiyambi. Ndipo mukadzagulitsa galimoto yakale kapena puloti, ndalamayo ilowe ku chitukuko. Ikalowa m'zoyendetsera, chaka chimenecho chimaoneka chonona, komiti n'kukweza zolipira, chaka chotsatira palibenso chogulitsa.

Pa holo ija, njira ndi yomweyi, koma musaiphatikize pepala limodzi ndi galimoto. Chitukuko chilichonse chikhale ndi pepala lake ngakhale ndalama zili pa akaunti imodzi, kuti aliyense athe kuona kuti ya holo ilipo ingati. Kusiyana kwa nyumba n'kwakuti imadya zaka zingapo, choncho bajeti yake imagawidwa m'magawo: mapulani ndi chilolezo cha khonsolo, maziko mpaka silabu, zipupa mpaka denga, kenaka pulasitala, mawindo, magetsi ndi mipando. Gawo lililonse likhale ndi mtengo wake wochokera pa mndandanda wa zipangizo womwe wakonzedwa ndi katswiri wowerengera zomanga, osati mawu apakamwa a mmisiri. Musayambe gawo musanakhale ndi ndalama yomalizira gawolo. Ndaika zipupa ndi denga pamodzi mwadala. Maziko ophimbidwa ndi silabu akhoza kudikira chaka chathunthu osawonongeka kwenikweni, koma zipupa zosafolera zikapyola dzinja limodzi kapena awiri zimamwa madzi n'kuyamba ming'alu, ndipo mumadzalipira kawiri. Ngati ndalama ikukwana zipupa zokha, imani pa silabu. Pofuna kuthawa kukwera kwa mitengo, malata ndi zitsulo mungagule msanga ngati muli ndi posungira potetezeka ndi pouma. Simenti ayi, chifukwa ikakhala miyezi ingapo, makamaka nthawi ya chinyezi, imagwirana n'kuchepa mphamvu. M'mgwirizano ndi kontrakitala mulembe kuti muzisungako kagawo ka malipiro ake, 5 kapena 10 peresenti, mpaka zolakwika zitakonzedwa, ndipo ndalama imeneyo muziiwerenga ngati ngongole yomwe ikudikira, osati ngati yotsala.

Holo nayonso idzalowa m'bajeti yoyendetsera: magetsi, madzi, wosesa, mlonda, inshuwalansi, ndi kukonza, komwe ndi nzeru kuikira 1 kapena 2 peresenti ya mtengo wa nyumbayo chaka chilichonse. Akuluampingo adzati maukwati adzalipira zonsezo. Mwina adzalipiradi, koma werengani ma Loweruka omwe holo za pafupi nanu zimakhala ndi anthu, makamaka nthawi ya mvula, ndipo chaka choyamba mulembe theka la zomwe mukuyembekezera. Popeza K6 miliyoni yotsala ija ndi imodzi yokha, galimoto ikaidya yonse holo idzayamba popanda chosamutsa kuchokera ku zoyendetsera. Choncho pa msonkhano womwewo funsani komiti kuti pa ziwirizi chiyambe n'chiti.